Kuyankha kasitomala amene katundu wake wafika ataonongeka

Kasitomala akadandaula kuti katundu wafika ataonongeka, yankho la wogulitsa liyenera kupita tsiku lomwelo. Mwachitsanzo, mayi wa ku Mzuzu waitanitsa mbale zadothi 24 ku Lilongwe, ndipo 5 zafika zitasweka. Wogulitsa amayamba ndi kupepesa, natchula katunduyo: “Pepani kwambiri mayi, kuti mbale 5 mwa 24 zija zakupezani zitasweka. Tikutumizirani zina, mtengo wotumizira ndi wathu.” Kuloza chala woyendetsa basi n’kulakwa, pakuti mayiyo anapereka ndalama kusitolo, osati kwa dalaivala.

Kenako amafotokoza zochita mwatsatanetsatane. Mayiyo ajambule mbale zoswekazo, katoni yake ndi lisiti, atumize zithunzizo pa WhatsApp, ndipo asataye kanthu. Katoniyo ndiyo mboni yaikulu. Ikakhala yophwanyika kapena yonyowa, vuto lachitikira panjira, ndipo sitolo ikalondola nkhaniyo kwa onyamula katundu. Ikakhala yabwinobwino koma m’kati muli zosweka, kawirikawiri ndiye kuti olongedza sanaike mapepala okwanira pakati pa mbale.

Yankholo litchule tsiku lenileni lomwe mbale zatsopano zidzanyamuke, osangoti “posachedwa”. Ngati mtundu umenewo watha, mayiyo asankhe yekha kudikira, kutenga mtundu wina kapena kubwezeredwa ndalama za mbale zisanuzo.