Sitolo yathu tsopano ili pa mapu

Lachisanu lina masana wogula anachokera kutali kudzafuna usipa wouma, n'kupeza potseka, ife tili ku Juma. Aneba anatiuza kuti anakagula kwina. Sabata yomweyo tinalembetsa sitolo pa Google Maps, kwaulere.

Pa foni tinatsegula business.google.com, n'kulemba dzina la sitolo ndi nambala yathu. Kuno kunyanja misewu yambiri ilibe mayina, choncho kachizindikiro ka malo tinakakokera padenga pathu penipeni. Kakaphonya, wogula amakathera kwa eni ake.

Lachisanu tinalemba nthawi ziwiri, 7:00 mpaka 11:30 ndi 14:00 mpaka 17:00. Tinaikanso chithunzi cha pakhomo kuti mlendo apazindikire. Pomaliza anatipempha vidiyo yoonetsa chikwangwani ndi katundu. Choncho, abale, yambani mwalemba chikwangwani, dzina lake lifanane ndi la pa mapu.