Mlendo wolemekezeka wayankhula mphindi 40, nanga ife tilembapo ziti?

Msonkhano ukatha, mipando ikapanjikizidwa ndipo alendo akabwerera kwawo, wina mu ofesi amatsala ndi katundu wolemera m'foni mwake. Mlendo wolemekezeka wayankhula, mawu ajambulidwa, ndipo abwana akuti pofika madzulo akufuna kauthenga ka pa Facebook, mawa lake nkhani yathunthu ya amene sanabwere. Munthu woyankhula mosathamanga amatulutsa mawu pakati pa 130 ndi 150 pa mphindi, choncho m'mphindi 40 muli mawu oposa 5,000. Nkhani yathunthuyo ikakhala ya mawu 800 ndiye kuti yakwana, pomwe pa X uthenga wamba sudutsa zilembo 280. Ntchito yonse yagona pa kusankha chotaya.

Kuti tione m'mene zimakhalira, titenge zimene aliyense angathe kuzionera yekha pa intaneti: mawu a William Kamkwamba pa msonkhano wa TEDGlobal ku Oxford, ku Mangalande, mu 2009. Anayankhula mphindi pafupifupi 6 zokha, koma misampha yonse ya zoyankhula zazitali ilimo.

Choyamba n'kumvetsera zonse, kuchokera pa moni mpaka m'manja, cholembera chili pansi. Ambiri amalumpha pamenepa chifukwa cha changu, n'kuyamba kulemba chiganizo choyamba chikangomveka, ndipo mapeto ake amadzaza pepala ndi malonje. Mukamaliza kumvetsera dzifunseni kuti mnzanu wa m'basi atakufunsani zimene munthuyu wanena, mungamuyankhe chiyani m'chiganizo chimodzi. Chiganizo chimenecho chilembeni pamwamba pa pepala. Kauthenga kaja ndi nkhani yaitali ija zonse zichokera pamenepo.

Kwa a Kamkwamba yankho lofulumira ndi lakuti mnyamata wa kumudzi anapanga magetsi ndi mphepo. N'zoona, koma womvetsera bwino apeza china chakuya. Iwo akufotokoza kuti buku limene anawerenga ku laibulale linati makina oyendera mphepo atha kupopa madzi ndiponso kupanga magetsi, ndipo chimene chinawagwira mtima n'chakuti kupopa madzi ndiwo ulimi wothirira, chida cholimbana ndi njala imene inawachotsa pasukulu. Ndiye chiganizo cha pamwamba pa pepala chikhala chakuti njala ya 2001 ndi imene inawakankhira ku makinawo. Amene walemba za magetsi zokha wasiya chifukwa chake panja.

Ulendo wachiwiri ndi wa cholembera. Apa mumaimitsaimitsa, n'kumalemba mphindi ndi sekondi imene mfundo iliyonse yamveka, monga 02:10 kapena 31:45, kenaka mawu ochepa okukumbutsani. Kulemba mawu onse ndi dzanja kumadya nthawi, kawirikawiri maola anayi pa ola limodzi la zojambula, ndipo sikofunika nthawi zonse. Chofunika kulembedwa liwu ndi liwu ndi ziganizo zitatu kapena zinayi zimene mudzaike m'kamwa mwa woyankhulayo, kuphatikizapo manambala, zaka ndi mayina. Mawu amene YouTube imalemba yokha pansi pa kanema amathandiza kupeza malo msanga, koma mayina athu amawapotoza koopsa, ndiye dzina lililonse litsimikizeni ndi khutu komanso ndi pepala la ndondomeko ya msonkhano. Kapepala ka mphindi kaja musakataye ngakhale nkhani itatuluka. Tsiku limene wina adzakane kuti sananene zimenezo, kadzakuyankhirani ndi komweko.

Langizo langa n'lakuti muyambe kulemba yaitali, yaifupi ibwere pambuyo, ngakhale kuti yaifupiyo ndiyo imatuluka msanga. Munthu sangafupikitse chinthu chimene sanachimvetse, ndipo kulemba yaitali ndi kumene kumakuonetsani ngati mwamva.

Nkhani yaitali siyenera kuyenda m'mapazi a woyankhula. A Kamkwamba amayamba ndi kukumbutsa omvera za zaka ziwiri zapitazo, pamene anaima pa nsanja ya TED ku Arusha, ku Tanzania, mantha atawagwira mpaka Chingerezi kuwathawa. M'holo zimenezi zinaseketsa anthu ndi kuwamasula, chifukwa ena anali atawaonapo kale. Wowerenga amene kunalibe sizimuthandiza poyambira. Iye ayambe wadziwa amene wayankhula, malo, chaka ndi mfundo yaikulu, zonse m'ndime yoyamba. Kenaka zibwere zochirikiza mfundoyo: banja la ana asanu ndi awiri, mwamuna mmodzi yekha, likudya kamodzi patsiku, usiku, aliyense mbamu zitatu za nsima, fizi kusowa, mabuku a sayansi amene ankawamva poyang'ana zithunzi chifukwa Chingerezi chinali chovuta, ndiye kotaya zitsulo zakale kumene anatola fani ya thalakitala ndi mapaipi a pulasitiki, n'kulumikiza ndi felemu ya njinga ndi dayinamo yake yakale. Babu limodzi linayaka, kenaka anayi, mpaka anthu kumandandalika pakhomo kudzatchaja mafoni. Za ku Arusha zija zikhoza kubwera kumapeto m'chiganizo chimodzi, kapena kutsala.

Taonani kuti mbamu zitatuzo tazisunga. Mlembi wachangu amazisandutsa mawu akuti banja lawo linavutika ndi njala, poganiza kuti wafupikitsa, koma wataya chokhacho chimene wowerenga akanakumbukira. Pofupikitsa timataya moni, zothokoza komiti, kubwerezabwereza ndi nthabwala zodalira nkhope ya woyankhula. Chinthu chogwirika, chokhala ndi nambala kapena dzina, chimatsala.

Pali malo amodzi oterera kwambiri, ndipo ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Pofotokoza za njalayo, a Kamkwamba amanena kuti patangopita miyezi isanu Amalawi onse anayamba kufa ndi njala. Munthu amene anaiona njala ija akhoza kuyankhula motero ndipo timamumva, pakuti akunena za kulemera kwa zimene anaona. Koma mlembi akachotsa mawu akuti "anati", chiganizocho chimasanduka chake, ndipo wafalitsa ngati choona chinthu chimene sichingaime pa kafukufuku. Njira zilipo ziwiri: kusunga "anati" kuti mwini wake adziwike, kapena kulemba m'mawu anuanu zimene mwatsimikiza, monga kuti njala ya 2001 mpaka 2002 inapha anthu ambiri m'dziko muno. Zimenezi zimachitika pa msonkhano uliwonse. Nduna ikatchula chiwerengero cha zitsime, mkulu wa kampani akatchula phindu, nambalayo ndi yawo mpaka inu mutaipeza kwina. Ikasiyana ndi imene ili m'malipoti, imbani foni ku ofesi yawo musanasindikize, chifukwa nthawi zina lilime limangoterereka, munthu n'kunena biliyoni pofuna kunena miliyoni.

Mbali ina ya vuto lomweli ndi zimene mlembi amawonjezera. Wowerenga wa kuno afuna kudziwa kuti kwawo kwa a Kamkwamba ndi ku Wimbe m'boma la Kasungu, kuti buku lija linali Using Energy, ndiponso kuti nkhani yawo inatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer, kenaka m'filimu ya 2019 ya Chiwetel Ejiofor. Izi n'zothandiza, koma zikhale m'ziganizo zawozawo, zosayamba ndi "anati". Filimu ya 2019 singalowe m'kamwa mwa munthu amene akuyankhula mu 2009. Chimodzimodzinso mawu akayankhulidwa m'Chingerezi inu n'kulemba m'Chichewa, nenani kamodzi kuti mwamasulira ndinu, ndipo ambiri a iwo muwapereke ndi "anati" kapena "anafotokoza kuti".

Yaitali ikatha, yaifupi sivuta, bola mukumbuke kuti imanyamula mfundo imodzi basi. Siyofotokoza msonkhano wonse. Nachi chitsanzo:

"Njala ya 2001 itawachotsa pasukulu, a William Kamkwamba anawerenga kuti mphepo itha kupopa madzi. Anatola fani ya thalakitala, mapaipi ndi dayinamo ya njinga, n'kuyatsa magetsi kwawo. Akuti ankafuna ulimi wothirira. Amvereni pa TEDGlobal 2009, mphindi 6."

Uthengawu ukulowa m'zilembo 280 pamodzi ndi linki yake, imene pa X imawerengedwa ngati zilembo 23 kaya ndi yaitali bwanji. Chichewa chili ndi mawu ataliatali, ndiye malo amatha msanga, ndipo mudzapeza kuti maudindo onse a mlendo wolemekezeka sangakwane. Sankhani udindo umodzi umene ukukhudzana ndi nkhaniyo. Pa Facebook ndi pa WhatsApp malo alipo ambiri, koma pa foni mizere yoyambirira yokha ndiyo imaoneka munthu asanadine kuti aone zotsala, choncho mizereyo isathere pa mawu akuti dzulo tinali ndi msonkhano wopambana kwambiri. Ndaikamo chaka cha 2009 dala, chifukwa uthenga ukayamba kuyenda m'magulu a WhatsApp umasiya tsiku lake kumbuyo, ndipo anthu amatenga zakale ngati zachitika dzulo. Kutchula mphindi 6 kumathandiza amene akuwerengera bandulo yake asanatsegule kanema.

Mudziwa kuti kauthenga kalakwika ngati mungachotsemo dzina la woyankhula n'kuikamo la munthu wina aliyense koma osasintha kanthu. A Kamkwamba amatseka ndi kulimbikitsa osauka kuti adzikhulupirire ndipo asataye mtima, ndipo alembi ambiri amathamangira pamenepo chifukwa ndi pamene m'manja munawombedwa. Mawuwo ali ndi mphamvu chifukwa cha mphindi zisanu zimene zawatsogolera. Paokha, m'kauthenga, angakhale a mlaliki, a mphunzitsi kapena a wandale.

Musanatulutse kalikonse, funsaninso za chilolezo. Kujambula mawu sikukupatsani ufulu wowafalitsa, ndipo misonkhano ina imayendera lamulo la Chatham House, limene limalola kufotokoza zimene zanenedwa koma osatchula wonena kapena kumene amagwira ntchito. A TED amalola kugawana makanema awo kwaulere, athunthu, mwini wake atatchulidwa, koma salola kuwadula kapena kuchitira malonda popanda kupempha. Ndiye ngati mumaganiza zodula masekondi 30 a kanema kuti mumate pa uthenga wanu, yambani mwafunsa okonza msonkhano.

Pomaliza tengani pepala la mphindi lija, mubwerere pa malo alionse amene mwalemba "anati", mumvetsere kachitatu uku mukuwerenga zanu. Pamene khutu ndi pepala zasiyana, konzani pepala.