Malikisi a Msamariya Wachifundo: Kodi Mphunzitsi Awagawe Bwanji?

Pochonga masamu, aphunzitsi awiri sasiyana kwenikweni. Koma apatseni chimangirizo chimodzi cha phunziro la Baibulo, wina apereka malikisi 9, mnzake 16, ndipo aliyense aumirira kuti walondola. Chothetsa mkangano wotere ndi mlozo wochongera, pepala limene mphunzitsi amalemba asanatsegule yankho la mwana aliyense, lofotokoza zimene zipatsidwe malikisi ndi kuchuluka kwake.

Tiyerekeze kuti ophunzira a Fomu 4 apatsidwa funso ili kuchokera pa Luka 10:25-37: "Wansembe ndi Mlevi analakwa posathandiza munthu wovulala uja. Kodi mukuvomereza?" Malikisi onse ndi 20. Mphunzitsi angawagawe patatu: 6 a kudziwa, 8 a kusanthula, 6 a kugamula. Kusiyanitsa maluso motere kunatchuka ndi buku la Benjamin Bloom ndi anzake la 1956, koma kagawidwe ka malikisi n'ka mphunzitsi mwini, malinga ndi zimene funso likufuna.

Gawo la kudziwa silivuta. Mwana atchule kuti Yesu ankayankha katswiri wa Chilamulo, kuti munthuyo anavulazidwa ndi achifwamba pa msewu wochokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko, kuti awiri anamulambalala, ndipo Msamariya anamuthira mafuta ndi vinyo pamabala, n'kumulipirira ndalama ziwiri kunyumba ya alendo.

Kusanthula ndiko kumafuna kulemba mosamala. Mlozo wongoti "wasanthula bwino, 7 mpaka 8, wasanthula pang'ono, 3 mpaka 4" sunanene kanthu, chifukwa "bwino" wanga si "bwino" wanu. Lembani chinthu chooneka papepala. Malikisi 1 kapena 2 apite kwa amene wangotchula chifukwa osachifotokoza, monga wolemba kuti wansembe ankaopa. Apakati apite kwa amene wafotokoza chifukwacho: kuti wovulalayo ankaoneka ngati wafa, ndipo Levitiko 21 amaletsa wansembe kukhudza mtembo wa munthu amene si mbale wake wapafupi. Apamwamba ndi a mwana amene walumikiza mfundo zija ndi cholinga cha fanizo. Iye aonetsa kuti Ayuda ndi Asamariya anali pa chidani chakale, wina akupembedza ku Yerusalemu wina pa phiri la Gerizimu, motero posankha Msamariya kukhala wochita bwino, Yesu ankagwedeza maganizo a wofunsayo pa nkhani ya amene ali mnansi wake.

Pa kugamula m'pamene aphunzitsi ambiri amaterereka, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu okhulupirira ndi mtima wonse. Mwana akamaliza ndi mawu okoma akuti tonse tizikondana, dzanja limafuna kupereka 6. Wina akalemba kuti wansembe sanalakwe kotheratu, dzanja lomwelo limauma. Komatu m'kalasi muli Mkatolika, wa Sabata, Msilamu ndi wina amene sapemphera, ndipo mayeso sayeza chikhulupiriro chawo. Mlozo unene poyera kuti mbali iliyonse ingalandire malikisi onse. Chimene tikufuna ndi chakuti mwana waima mbali imodzi, waichirikiza ndi umboni, wamva mbali inayo ndipo waiyankha. Wongoti "inde, analakwa" alandire 1. Wopereka zifukwa za mbali imodzi yokha asapitirire 3. Amene wavomereza kuti lamulo lija linali lenileni, kenako n'kunena kuti Luka sanatchule chifukwa chimene awiriwo analambalalira, komanso kuti munthuyo anali akali moyo, ameneyo wafika pa 5 kapena 6.

Tsopano onani zimene mlozo umachita. Mwana woyamba wadzaza masamba awiri ndi nkhani yonse, zilembo zokongola, palibe chimene waiwala. Alandira 6 pa kudziwa, 1 pa kusanthula ndi 1 pa kugamula, pamodzi 8. Wachiwiri walemba tsamba limodzi, wasokoneza Yeriko ndi Betaniya, koma wafotokoza za mtembo ndi za chidani chija, n'kuweruza ndi zifukwa. Wapeza 4, 6 ndi 5, pamodzi 15. Popanda mlozo, kutalika kwa yankho kukanam'kweza woyambayo.

Musanayambe mulu wonse, tengani mapepala asanu, mubise mayina, muchonge inu ndi mphunzitsi mnzanu aliyense payekha. Mukasiyana ndi malikisi oposa 2, fufuzani mzere umene aliyense waumva mwake ndipo muulembenso. Samalaninso kuti mfundo imodzi isalipidwe kawiri: kutchula Levitiko 21 ndi kudziwa, koma kufotokoza mmene lamulolo likanam'mangira wansembe ndiko kusanthula. Ndipo pansi pa mlozo siyani mpata wa yankho lomveka limene inu simunaliganizire. Mwana wina angalembe kuti wansembe ankaopa kuti achifwambawo akadabisala pafupi, ndipo ngati waifotokoza, mfundoyo iyenera malikisi ake.