Mutu womaliza usanene zoposa zimene manambala anena

Tiyerekeze wophunzira zaulimi wa chaka chomaliza ku Bunda. Anadzala chimanga m'timinda tisanu ndi titatu, kalikonse ka mamita 5 m'litali ndi 5 m'lifupi. M'tinayi anathira feteleza yekha, m'tinayi tinato feteleza ndi manyowa. Atawerengera pa hekitala, ta manyowa tinapereka matani 3.8, tinato 3.5. Apa dzanja limayabwa kulemba kuti manyowa amachulukitsa zokolola. Asafulumire.

Kusiyanako ndi makilogalamu 300 pa hekitala, matumba asanu ndi limodzi, ndipo kukumveka kwakukulu. Koma iye sanakolole hekitala. Kamunda kake kamalowa ka 400 mu hekitala, choncho matumbawo achokera pa magalamu 750 okha pasikelo. Zisononkho zochepa zimene mbewa zinadya zikhoza kubweretsa kusiyana kotereku. N'chimodzimodzinso chinyontho, ngati chimanga china anachiyeza chisanaumitsitse.

Ayang'anenso kamunda kalikonse pakokha. Ta manyowa tinapereka 3.3, 3.7, 4.0 ndi 4.2, pomwe ta feteleza yekha tinapereka 3.1, 3.3, 3.6 ndi 4.0. Timinda tolandira zofanana tikusiyana ndi pafupifupi tani yathunthu, kuposa kusiyana kwa magulu awiriwo. N'chifukwa chake t-test ikutulutsa p = 0.32, pamwamba pa malire a 0.05 amene ambiri amatsata. Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale manyowa akanakhala opanda ntchito, kusiyana kotere kapena koposa apa kukanaoneka pafupifupi kamodzi pa maulendo atatu alionse.

Ena akaona zimenezi amagwera mbali inayo, n'kulemba kuti manyowa sathandiza. Kumenekonso n'kunamizira manambala. Timinda tinayi n'tochepa, ndipo phindu lenileni likhoza kubisala m'menemo. Ine ndimaona kuti cholakwa ichi n'choopsa kwambiri, poti chimaoneka ngati kudzichepetsa ndipo oyesa ena amachilola kudutsa.

Chiganizo choona chingamveke motere: pamalo amodzi, m'nyengo imodzi ya dzinja, timinda ta manyowa tinaposa tinzake ndi matani 0.3 pa hekitala, koma umboniwu sukukwanira kunena kuti chinachititsa ndi manyowa. Akatero abwerere ku zolinga za m'mutu woyamba, aziyankha chimodzichimodzi. Cholinga chimene sichinayankhidwe achitchule poyera, ndipo asalowetse nambala imene mulibe m'mutu wa zotsatira.

Zofooka za kafukufuku zisathere pa mawu ozolowereka aja akuti nthawi ndi ndalama zinachepa. Anene zimene zakhudza zotsatira: ngati timinda tiwiri ta manyowa tinali pafupi ndi chulu pomwe nthaka ndi yachonde kale, owerenga adziwe kuti 3.8 ija mwina yakwererapo. Malangizo ake asapite kwa alimi a dziko lonse. Apite kwa wodzabwereza ntchitoyi: achulukitse timinda, atigawe mwamaere, ayeze chinyontho pokolola, ndipo ayese nyengo zingapo chifukwa manyowa amatulutsa chakudya cha mbewu pang'onopang'ono.