Muvi wa pa Chithunzi cha M'chifuwa

Tsiku lina aphunzitsi athu a Bayoloje anatibweretsera chithunzi cha ekisireyi cha m'chifuwa mwa munthu, chokhala ndi mivi iwiri. Anati, "Tchulani chimene muvi uliwonse ukuloza." Ine ndinalephera yonse iwiri, ndipo ndifuna kukufotokozerani chifukwa chake.

Kuwala kumeneku anakutulukira ndi Wilhelm Röntgen wa ku Jeremani m'chaka cha 1895. Kumapyola mosavuta pamene pali mpweya, koma fupa limakutsekereza. Chotero mapapo amaoneka akuda, nthiti zoyera, mtimanso woyererapo.

Muvi woyamba unaloza phapo limene linali ku dzanja langa lamanja, ndipo ndinayankha msanga kuti ndi lakumanja. Ha! Ndinaphonya. Chithunzichi timachiona monga ngati mwini wake watiyang'ana maso ndi maso. Tsono kumanja kwathu ndiko kumanzere kwake. Yambani mwafuna chilembo R kapena L chimene ojambula amaika pangodya. Musadalire mtima wokha, pakuti alipo anthu owerengeka obadwa ndi mtima kumanja.

Muvi wachiwiri unaloza kadontho kakuda m'munsi mwa phapo lakumanzere. Ine ndinati ndi bowo la chifuwa chachikulu. Aphunzitsi anaseka nati, "Umenewo ndi mpweya wa m'chifu, ndipo suli matenda ayi." Chizindikiro chake nchakuti uli kunsi kwa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, osati m'phapo.

Pa tchuthi ndinapeza amalume, amene amakhala kufupi ndi malire a Zambia, atatsokomola milungu itatu. Anali atajambulidwa, nasunga chithunzicho m'foni. Anati, "Mphwanga, iwe ndiwe wasukulu, taona, kodi ndili bwino?" Nthiti, mtima ndi mpweya wa m'chifu uja ndinazitchula bwinobwino. Koma kumtunda kwa phapo lakumanja kunali banga loyera, ndipo apo nzeru zanga zinathera.

Banga lotere likhoza kukhala chifuwa chachikulu, chibayo, kapena chipsera cha nthenda yakale. Chithunzi ndi mthunzi chabe: za kutsogolo ndi za kumsana zimasanjikizana pamodzi. Sichinena ngati munthu akuonda kapena akutuluka thukuta usiku, ndiponso kachilombo sikaonekamo. Tsono ndinati, "Amalume, ine ndingodziwa maina a ziwalo. Tiyeni ku chipatala cha pa boma la Mchinji akayeze makhololo." Anapezekadi ndi chifuwa chachikulu, nayamba mankhwala a miyezi 6. Ndikadawauza kuti ali bwino pofuna kuonetsa nzeru, bwenzi atapatsira ana onse m'nyumba.

Funso la m'kalasi lili ndi muvi, ndipo yankho lake ndi limodzi. Chithunzi cha amalume chinalibe muvi. Chotero mukatchula chiwalo molondola, landirani malikisi anu. Koma wodwala mperekezeni kwa adokotala.

Wophunzira wa Folomu 3