Masilaidi 42, mphindi 10: mudula pati?

Pa ndandanda wa msonkhano alemba kuti mulankhula mphindi 10, koma masilaidi amene muli nawo alipo 42. Munawakonzera maphunziro a theka la tsiku, ndipo silaidi iliyonse munaikhetsera thukuta. Zikatere anthu ambiri amangolankhula mothamanga, kapena amapanikiza zolemba za masilaidi atatu pamodzi n'kuchepetsa zilembo. Zonsezi zimathera kumodzi: wapampando amakweza kapepala koti kwatsala mphindi imodzi inu muli pa silaidi 19, chimene munadzera chisanatchulidwe n'komwe.

Masamu ake ndi osavuta. Mphindi 10 ndi masekondi 600, ndipo mukawagawa kwa masilaidi 42, iliyonse ipeza masekondi 14 basi. Ngakhale PechaKucha, kalankhulidwe kothamanga kamene Astrid Klein ndi Mark Dytham anayambitsa ku Tokyo mu 2003, kamapereka masekondi 20 pa silaidi, ndipotu masilaidi ake nthawi zambiri amakhala zithunzi zopanda zowerenga zambiri. Choncho kumeta pang'ono apa ndi apo sikungathandize. Pafunika kutseka laputopu, kutenga pepala n'kumanganso nkhaniyo kuyambira kumathero.

Tiyerekeze kuti ndinu wa ku ofesi ya zamadzi pa khonsolo, ndipo mwayendera mijigo ya m'boma lanu. Masilaidi 6 akunena mbiri ya ntchitoyi, 9 akufotokoza mmene kafukufuku anayendera, 18 ndi matebulo a zimene munapeza dera ndi dera, 5 ndi zithunzi, 3 ndi malingaliro anu, ndipo yomaliza yangolembedwa kuti zikomo. Amene akumvetsera ndi makhansala a komiti yoona za bajeti.

Funso loyamba ndi ili: anthuwa akatuluka, mukufuna achite chiyani, ndipo chifukwa chiyani? Yankho likwane m'chiganizo chimodzi chimene munthu angathe kuchivomera kapena kuchikana. Kulemba kuti "Mmene mijigo ilili m'boma lathu" si yankho, ndi mutu chabe, palibe angatsutse. Yankho ndi lotere: "Chaka chino tipatule gawo la ndalama zokumbira mijigo yatsopano kuti tikonzere yomwe inafa, chifukwa ndalama yomweyo ibwezera madzi midzi yambiri." Pamasilaidi 42 aja mfundoyi inali pa silaidi 39. Tsopano ikhale yoyamba. Izi n'zimene Barbara Minto, amene ankagwira ntchito ku McKinsey, anaphunzitsa m'buku lake The Pyramid Principle: yankho pamwamba, zifukwa zolichirikiza pansi pake. Ubwino wake ndi woti magetsi akathima pa mphindi yachitatu, kapena bwanamkubwa akaitanidwa kunja, pempho lanu lamveka kale.

Kenako dzifunseni kuti khansala wokayika ayenera kukhulupirira chiyani kuti avomere. Apa pali zitatu. Ayenera kuona kuti mijigo yakufa ndi yambiri. Ayenera kuona kuti yambiri mwa iyo inafa ndi tinthu tokonzeka, monga timalabala ndi ndodo za pampu ya Afridev zimene zimatha ndi ntchito. Ndipo ayenera kuona kuti kukonza n'kotchipa kusiyana ndi kukumba. Chimodzi chikasowa, pempho lagwa. Ngati yakufa ndi yochepa, palibe vuto lofulumirira. Ngati ndi yambiri koma yosakonzeka, ndalama ingotayika.

Tsopano tsegulani laputopu, pitani pa Slide Sorter kuti muone masilaidi onse nthawi imodzi, ndipo iliyonse muifunse kuti ikuchirikiza chiti mwa zitatuzo. Mbiri ya ntchito ituluke yonse, makhansala akuidziwa. Masilaidi 9 a kafukufuku asanduke mawu apakamwa a masekondi 15: tinayendera mijigo ingati, liti, ndipo tinasankha bwanji. Matebulo 18 asanduke magalafu awiri, wina wosonyeza yamoyo ndi yakufa, wina wosonyeza chimene chinaipha. Pa zithunzi zisanu patsale chimodzi. Kupweteka kwenikweni kuli pa matebulowo, poti ndi amene munagonera usiku, komatu nthawi imene munathera pa silaidi si chifukwa choisungira.

Pali silaidi imodzi imene dzanja limafuna kuichotsa msanga, chonsecho ndi imene iyenera kutsala: ija yonena pamene mfundo yanu ikulekezera. Mijigo ina inafa chifukwa pansi panauma kapena inakumbidwa pamalo olakwika, ndipo imeneyi ngakhale muike zitsulo zatsopano siidzatulutsa madzi. Palinso midzi imene ilibe mjigo n'komwe. Mukabisa izi, nkhani yanu imveka yosalala, koma yasintha: "yambiri ikhoza kukonzedwa" yasanduka "yonse ikhoza kukonzedwa". Umo ndi mmene kufupikitsa kumaberekera bodza popanda wina kunama.

Nkhani ya chombo cha m'mlengalenga cha Columbia imakumbutsa zomwezi. Ponyamuka mu Januwale 2003, chibenthu cha thovu lolimba lotchinjiriza thanki chinamenya phiko la chombocho. Akatswiri a Boeing anaonetsa akuluakulu a NASA masilaidi, ndipo pa imodzi, imene pambuyo pake Edward Tufte anaiunika, mutu unali wopatsa mtendere. Chenjezo linali pansi penipeni m'zilembo zing'onozing'ono: chibenthucho chinali chachikulu kuwirikiza ka 640 kuposa timene tinayesedwa. Pa 1 Febuluwale chombocho chinasweka pobwerera, anthu 7 n'kufa. Zifukwa za ngoziyo zinali zambiri kuposa silaidi imodzi, koma zikuonetsa kuti chenjezo lokhoza kusintha chigamulo malo ake ndi pamwamba.

Mwatsala ndi masilaidi 7: pempho, kuchuluka kwa mijigo yakufa, choipha, chithunzi cha chitsulo chakutha, kuyerekeza mitengo, malire a mfundoyo, ndi pempho lija kachiwiri lili ndi ndalama zake ndi tsiku. Mutu wa silaidi iliyonse ukhale chiganizo chathunthu. M'malo molemba "Zoyambitsa", lembani "Mijigo yambiri yakufa ikungofuna zitsulo zing'onozing'ono". Ndiye werengerani mnzanu amene sakudziwa nkhaniyi mitu yokhayokha, mumufunse kuti mukupempha chiyani. Akakakamira penapake n'kunena kuti "zachokera pati zimenezi?", dziwani kuti mwadula mfundo yofunika pamenepo. Mukachotsa silaidi iye osazindikira kuti pasowa kanthu, imeneyo inali yongodzaza malo.

Zotsala 35 musazifufute. Zisunthireni kumapeto n'kusankha Hide Slide, ndipo mulembe manambala ake papepala. Khansala akafunsa za dera lake, mumangolemba nambala ya silaidiyo n'kudina Enter, tebulo lake n'kuonekera.

Poyeserera, lankhulani mokweza mutaimirira, mukugwiritsa ntchito Rehearse Timings kapena wotchi ya pafoni, chifukwa kuwerenga chamumtima kumathamanga ndipo kumanamiza. Muzifuna kumaliza pa mphindi 8 ndi theka. Zotsalazo zimadyedwa ndi malonje, poti simungayambe osapatsa ulemu wapampando ndi mafumu, komanso ndi pulojekita imene imakana kugwirizana ndi laputopu. Ngati padzakhala womasulira, mawu anu akwane mphindi zosapitirira 5. Ndipo musankhiretu silaidi imene mudzailumphe nthawi ikakutherani. Pa chitsanzo chathuchi ndi chithunzi chija, chifukwa galafu yanena kale zomwezo.