Chifukwa Chake Michere Ina Imakonda Madzi Otentha, Ina Madzi Ozizira

Pali chiphunzitso chimene ana ambiri amatuluka nacho m'sukulu, chakuti madzi akatentha chinthu chilichonse chimasungunukamo chambiri. Chiphunzitsochi n'choona pa michere yambiri, koma si pa yonse. Ndiponso chimasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, ndizo kusungunuka msanga ndi kusungunuka kwambiri. Madzi otentha amafulumizadi kusungunuka, koma kuchuluka kwa mchere umene madziwo angalandire ndi nkhani ina, ndipo ndiyo ifotokozedwe pano.

Poyamba pafunika kumvana pa mawu. Kwa akatswiri a sayansi, dzina lakuti mchere silinena wa m'ndiwo wokha, koma banja lalikulu la zinthu zomangidwa ndi tizidutswa ta mphamvu ya magetsi, totchedwa maayoni, tina ta mbali yoonjeza ndi tina ta mbali yochotsa. Munthu akamathira mchere m'madzi ndi kutakasa, imafika nthawi imene madzi salandiranso, ndipo wotsala umakhala pansi. Pamenepo madzi akhuta. Muyeso wa kusungunuka ndiwo magalamu a mchere amene akhutitsa magalamu 100 a madzi pa madigiri akutiakuti.

Taonani tsono zinthu zitatu. Potaziyamu naitireti, KNO₃, amasungunuka magalamu 13 pa madigiri 0, magalamu 32 pa madigiri 20, magalamu 110 pa madigiri 60, ndi magalamu oposa 240 m'madzi owira. Mchere wa m'ndiwo, NaCl, umasungunuka magalamu 36 pa madigiri 20, ndipo m'madzi owira umangofika magalamu 39. Koma njereza, ndiye laimu wothiridwa madzi, Ca(OH)₂, imabwerera m'mbuyo: magalamu 0.17 pa madigiri 20, ndi osakwana theka la amenewo m'madzi owira. Njerezayo si mchere weniweni m'mabuku a sayansi, koma nayonso ndi yomangidwa ndi maayoni, ndipo imamvera lamulo lomwelo. Madzi ndi amodzimodzi, moto ndi umodzimodzi. Nanga kusiyanaku kukuchokera kuti?

Ntchito ziwiri m'kusungunuka kumodzi

M'njere ya mchere maayoni amakhala m'mizere, atagwirana zolimba chifukwa a mbali yoonjeza ndi a mbali yochotsa amakokana. Kuti mchere usungunuke, mizere imeneyi iyenera kuphwasuka, ndipo kulekanitsa zinthu zokokana kumadya mphamvu. Iyi ndi ntchito yoyamba. Yachiwiri ndi yakuti ayoni aliyense amene wamasuka amazingidwa ndi tizidutswa ta madzi, timene timamukangamira, ndipo kukangamirako kumatulutsa mphamvu monga kutentha. Chomwecho ntchito ina imalipitsa, ina imabweza.

Kusiyana kwa ziwirizi ndiko kumatchedwa enthalipi ya kusungunuka, ndipo chizindikiro chake ndi ΔH. Imayesedwa m'makilojulu pa molo imodzi, molo kukhala muyeso wa chiwerengero cha tizidutswa, umene pa mchere wa m'ndiwo ndi magalamu 58.5. Kuphwasula molo imodzi ya mchere umenewu kumadya makilojulu ngati 788, ndipo madzi pozinga maayoni ake amabweza makilojulu ngati 784. Ngongole yotsala ndi makilojulu 4 okha. Ngongole ikatsala chotere, imalipidwa ndi kutentha kwa madzi omwewo, kotero kuti madzi amazizira, ndipo ΔH imalembedwa ndi chizindikiro cha +. Koma zobwezedwa zikaposa zolipidwa, madzi amafunda, ndipo ΔH imalembedwa ndi chizindikiro cha −. Ya potaziyamu naitireti ndi +35, ya mchere wa m'ndiwo ndi +4, ndipo ya njereza ndi pafupifupi −17.

Wina angafunse kuti, ngati kusungunuka kwa potaziyamu naitireti kuli ndi ngongole yaikulu chotere, kumachitikiranji? Yankho n'lakuti m'chilengedwe tizidutswa timakonda kumwazikana koposa kukhala m'mizere, ndipo kumwazikanako kungathe kukoka mchere kulowa m'madzi ngakhale pali ngongole. Enthalipi payokha sinena kuchuluka kwa mchere umene usungunuke. Chimene imanena ndi mbali imene kusungunukako kudzapendekere madzi akatenthetsedwa.

Lamulo la kupendekera

Madzi okhuta amaoneka ngati ali chete, koma sali chete. Maayoni ena akuchoka pa njere kulowa m'madzi, ena akubwerera pa njere, ndipo maulendo awiriwa ndi ofanana liwiro. M'chaka cha 1884 Mfalansa wina, Henri Le Chatelier, anafotokoza kuti zinthu zolingana chotere zikasokonezedwa, zimapendekera ku mbali imene ichepetse chosokonezacho. Kuika madzi pamoto ndiko kuonjeza kutentha, ndipo ulendo umene udzapambane ndi umene umadya kutentha.

Pa potaziyamu naitireti, ulendo wodya kutentha ndi wolowa m'madzi, motero moto umasungunula wambiri. Pa njereza, ulendo wolowa m'madzi umatulutsa kutentha, ndipo wodya kutentha ndi wobwerera pa njere, motero moto umatulutsa njereza m'madzi. Pa mchere wa m'ndiwo ngongole ndi yochepa kwambiri, ndipo moto ulibe pogwira penipeni. Kukula kwa ΔH kumayenderana ndi kukula kwa kusintha, ndipo chizindikiro chake chimaonetsa mbali.

Chitsanzo chowerengera

Molo imodzi ya potaziyamu naitireti ndi magalamu 101. Mphunzitsi akatenga magalamu 10.1, ndilo gawo limodzi mwa magawo khumi a molo, n'kuthira m'magalamu 100 a madzi a madigiri 25, ngongole yake ndi makilojulu 3.5, kapena majulu 3,500. Galamu limodzi la madzi limataya majulu 4.2 kuti litsike ndi digiri imodzi, choncho magalamu 100 amataya majulu 420. Kugawa 3,500 ndi 420 kumapereka 8 ndi pang'ono. Madzi ayenera kutsika kufika pafupi ndi madigiri 17. Poyesa ndi themomita kutsikako kumaperewera pang'ono, pakuti kapu ndi mpweya zimabwezera madzi kutentha. N'chifukwa chake ndi bwino kukulunga kapu ndi nsalu, kupera mchere kuti usungunuke msanga, ndi kuwerenga nthawi yomweyo. Ngakhale dzanja lokha limamva kuti kapu yazizira.

Kuzizira kumeneku kumalosera kuti moto udzathandiza mcherewu, ndipo ulosiwo ungayesedwe. Magalamu 100 a madzi a madigiri 60 amakhuta ndi magalamu 110. Akazizira kufika madigiri 20 angasunge magalamu 32 okha, ndipo magalamu 78 otsalawo amatuluka ngati njere zazitali zonga singano. Kuchita zomwezo ndi mchere wa m'ndiwo sikupindula kanthu, pakuti madzi a madigiri 60 amasunga magalamu 37, ndipo pozizira pamatuluka galamu limodzi lokha. Ndicho chifukwa chake ophika mchere saupeza pozizitsa madzi ake, koma powawiritsa kapena kuwayanika padzuwa kufikira aphwe.

Njereza imafuna maso akuthwa, popeza yosungunuka ndi yochepa. Madzi ozizira okhuta njereza amasefedwa mpaka ayere mbee, n'kuikidwa m'botolo la galasi lodzala, ndipo botololo limamizidwa m'madzi otentha. Madzi a m'botolo amachita chifunga. Koma pano pali msampha: madzi a njereza amachitanso chifunga akakumana ndi mpweya umene anthu amapuma potulutsa, CO₂, pakuti pamapangika choko. Kusiyanitsa kwake n'kotere: chifunga cha kutentha chimasungunukanso pang'onopang'ono botolo lovundikira likazizira ndi kukhutchumulidwa, pamene cha choko chimakhalabe.

Mchere umene umatembenuka panjira

Sodiyamu salifeti, Na₂SO₄, amaonetsa makhalidwe onse awiri. Pa madigiri 0 amasungunuka magalamu ngati 5, ndipo amakwera msanga kufikira pafupifupi magalamu 50 pa madigiri 32.4. Kuchokera pamenepo amayamba kutsika pang'onopang'ono, kufikira magalamu ngati 42 m'madzi owira. Chinsinsi chake chili pa njere zotsala pansi. M'munsi mwa madigiri 32.4 njerezo ndi Na₂SO₄·10H₂O, zotchedwa mchere wa Glauber, zimene zili ndi tizidutswa khumi ta madzi tomangidwa kale m'kati. Popeza maayoni ake anakangamiridwa kale ndi madzi, polowa m'madzi sabweza zambiri, ndipo ngongole imatsala yaikulu, pafupifupi makilojulu 79 pa molo. Pamwamba pa madigiri 32.4 njerezo zimataya madzi ake n'kukhala mchere wouma, umene posungunuka umatulutsa kutentha pang'ono. Dzina la mchere ndi lomwelo, koma chokhala pansi pa kapu chasintha, ndipo chizindikiro cha ΔH chasintha nacho.

Polekezera pa lamulo

Mphunzitsi amene angouza ana kuti chofunditsa madzi chimadana ndi moto, adzatsutsidwa ndi kositiki soda, NaOH, amene ophika sopo amamudziwa bwino. Iye posungunuka m'madzi ambiri amatulutsa makilojulu 44 pa molo, kotero kuti chotengera chimatentha, ndipo amaotcha khungu ndi maso, ana asamugwire. Komabe kusungunuka kwake kumakwera ndi moto: magalamu ngati 110 pa madigiri 20, ndi oposa 300 m'madzi owira.

Lamulo la Le Chatelier silinalakwe pamenepa, pakuti limanena za madzi okhuta, osati za supuni yoyamba yogwera m'madzi oyera. Supuni yoyamba imapeza madzi ochuluka omasuka, amene amazinga maayoni ndi kutulutsa kutentha kwambiri. Koma pofika pokhuta, madzi pafupifupi onse agwidwa kale, ndipo pa madigiri a m'chipinda njere zotsala pansi nazonso zamanga madzi m'kati mwake, monga NaOH·H₂O. Kusungunula kanjere kamodzi ka zimenezi m'madzi otsala pang'ono kukhuta kumadya kutentha. Enthalipi imene imalamula ndi imeneyi, ya kanjere kotsiriza. Manambala a ΔH olembedwa m'mabuku ambiri ndi a madzi ochuluka, ndipo amalosera bwino pa zinthu zosungunuka pang'ono monga njereza, pamene madzi okhuta sasiyana kwambiri ndi madzi oyera. Pa zinthu zosungunuka kwambiri ulosi wake ungaphonye, ndipo pamenepo wophunzira afunse mafunso awiri asanayankhe: kodi njere zimene zili pansi pa madzi okhutawo ndi zotani, zouma kapena zomanga madzi? Ndipo kodi kanjere kotsiriza kolowa m'madziwo kamadya kutentha, kapena kamakutulutsa?